Oputiko Kapena HDMI: Kulumikiza Konsolo ku Ampulifaya Kuti Masipika Onse Alankhule

Ngati ampulifaya yanu ili ndi bowo lolembedwa `HDMI IN` ndipo imatha kudutsitsa chithunzi chimene konsolo yanu imatulutsa, gwiritsani ntchito HDMI, musataye nthawi ndi oputiko. Chingwe cha oputiko chimalowa pa nkhaniyi pamene ampulifaya ndi yakale, kapena pamene HDMI yake ikulepheretsa chithunzi kufika bwino pa TV. Vuto ndi lakuti anthu ambiri ali m'gulu lachiwirili, ndipo akalumikiza zonse mawu amatulukadi m'masipika asanu, koma si mawu ozungulira enieni. Amakhala sitiriyo ya matchanelo awiri imene ampulifaya yaimwaza m'masipika onse. Malangizo awa akuthandizani kusankha njira, kuikonza, ndi kutsimikiza kuti zimene zikufika ku ampulifaya ndi 5.1 yeniyeni.

Chimene chingwe chilichonse chingasenze

Izi muzimvetse musanagwire chingwe, chifukwa zosankha zonse za m'menyu zikuchokera pamenepa.

Chingwe cha oputiko, chimene dzina lake lenileni ndi TOSLINK, chinapangidwa ndi kampani ya Toshiba mu 1983, ndipo cholinga chake chinali kunyamula mawu a CD, omwe ndi matchanelo awiri okha, lamanzere ndi lamanja. Njira yake inakula molingana ndi ntchito imeneyo. Tiwerengere pang'ono. Mawu osapanikizidwa a m'gemu amajambulidwa ka 48,000 pa sekondi, ndipo chidutswa chilichonse chimatenga mabiti 16. Pa matchanelo awiri, zimenezi ndi mabiti 1,536,000 pa sekondi, ndipo oputiko imanyamula mosavuta. Koma 5.1 ndi matchanelo asanu ndi limodzi: kutsogolo kumanzere, kutsogolo kumanja, pakati, awiri akumbuyo, ndi la sabuwufa. Amenewa osapanikizidwa amafuna mabiti 4,608,000 pa sekondi, ndipo dongosolo la oputiko linalibe malo a katundu wotere.

Nanga 5.1 imadutsa bwanji mu oputiko? Imayamba yapanikizidwa, ngati zovala zimene mwazipinda n'kuzitsendera kuti zikwane m'chikwama chaching'ono. Dolby Digital imapanikiza matchanelo onse asanu ndi limodzi kufika pa makilobiti 640 pa sekondi kapena kucheperapo, DTS imafika cha m'ma 1,500, ndipo zonsezi zimakwana m'malo a matchanelo awiri aja. Ampulifaya ikalandira imamasula n'kugawa ku sipika iliyonse. Choncho oputiko imanyamula zinthu zitatu zokha zimene zikutikhudza: sitiriyo yosapanikizidwa, Dolby Digital 5.1, ndi DTS 5.1. Sinyamula PCM, kutanthauza mawu osapanikizidwa, ya 5.1 kapena 7.1, sinyamula Dolby TrueHD, DTS-HD Master Audio, ngakhalenso Dolby Atmos. Ndipo musanamizidwe kuti chingwe chodula chisintha zimenezi. Malirewo ali m'dongosolo lotumizira mawu, osati mu ulusi wa m'kati mwa chingwe.

HDMI inabwera ndi njira yotakata kuyambira pachiyambi. Imanyamula matchanelo okwana asanu ndi atatu osapanikizidwa, ndipo kuyambira pa HDMI 1.3 ya mu 2006 imanyamulanso TrueHD ndi DTS-HD Master Audio. Kwa wosewera magemu mfundo yaikulu ndi iyi: gemu imapanga mawu ake nthawi yomweyo pamene mukusewera, ndipo imawapanga ngati PCM. Mukadutsa pa HDMI, mawuwo amapita mmene alili. Mukadutsa pa oputiko, konsolo iyenera kuyamba yawapanikiza kukhala Dolby kapena DTS, ampulifaya n'kuwamasulanso, ndipo ntchito imeneyi imadya kanthawi kochepa ndi kuchotsako pang'ono ubwino wa mawu.

Kunena zoona, ubwino wochotsedwawo si ambiri amene angaumve. Dolby Digital ya makilobiti 640 imamveka bwino kwambiri pa masipika wamba a m'nyumba. Chimene chimavutitsa anthu ndi kuchedwa kwa mawu, ndipo tifikako.

Choyamba: tembenuzani makina onse atatu muone kumbuyo

Yambani ndi konsolo. Bowo la oputiko ndi laling'ono, lokhala ngati sikweya yodulidwa ngodya ziwiri, nthawi zambiri lili ndi kachitseko kapulasitiki, ndipo makina akayaka mumaoneka kuwala kofiira m'kati. PlayStation 3 ili nalo. PlayStation 4 yoyamba ya 2013 ndi PS4 Pro zili nalo, koma PS4 Slim ilibe. Xbox One, One S ndi One X zili nalo. PlayStation 5 ndi Xbox Series X ndi S, zimene zinatuluka mu 2020, zilibe, ndipo Nintendo Switch sinakhalepo nalo. Ngati konsolo yanu ilibe bowoli, mawu ayenera kutuluka kudzera pa HDMI basi, ndipo oputiko ingalowe pokhapokha kutsogolo, pakati pa TV ndi ampulifaya kapena kudzera pa kabokosi kolekanitsa mawu kamene tikafotokoze kumapeto.

Kenako ampulifaya. Funani mabowo a `HDMI IN` ndi `HDMI OUT`, ndipo onani ngati pa `HDMI OUT` palembedwa `ARC` kapena `eARC`. Funaninso `OPTICAL IN`. Kutsogolo kwa ampulifaya kumakhala zizindikiro za Dolby Digital ndi DTS. Ngati palibe n'chimodzi chomwe, mwina ndi ampulifaya ya sitiriyo chabe, ndipo palibe chingwe chimene chingaisandutse ya 5.1. Chenjezo limodzi: ampulifaya zina zoyambirira za HDMI zinkangodutsitsa chithunzi osatengapo mawu. Buku lake limanena zimenezi, ndipo ngati yanu ndi yotero, iwerengereni ngati yopanda HDMI.

Pomaliza TV. Onani bowo la HDMI limene lalembedwa `ARC` kapena `eARC` (limakhala limodzi lokha), ndi bowo la `DIGITAL AUDIO OUT` la oputiko.

ARC inabwera ndi HDMI 1.4 mu 2009, ndipo imalola TV kubweza mawu ku ampulifaya pa chingwe cha HDMI chomwecho. Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, chifukwa amaganiza kuti poti chingwecho ndi cha HDMI ndiye kuti chinyamula zonse. Ayi. Njira yobwezera ya ARC ndi yopapatiza pafupifupi ngati oputiko: PCM ya matchanelo awiri, Dolby Digital, DTS, ndipo pa makina ambiri Dolby Digital Plus. PCM ya 5.1 sidutsapo. Imene inatsegula njirayi ndi eARC, yobwera ndi HDMI 2.1 mu 2017, ndipo kuti igwire ntchito pamafunika kuti TV ndi ampulifaya zonse zikhale nayo.

Chachiwiri: sankhani njira

Njira yabwino koposa ndi konsolo kupita ku `HDMI IN` ya ampulifaya, ndiyeno `HDMI OUT` ya ampulifaya kupita ku TV. Mawu amatsikira pa ampulifaya asanafike n'komwe pa TV. Njirayi imalephera pamene ampulifaya ndi yakale kuposa chithunzi. Ampulifaya ya nthawi ya 1080p ikakhala pakati pa PS5 ndi TV ya 4K, konsolo imatsitsa chithunzi kufika pa 1080p ndipo HDR imasowa. Kuti 4K ya HDR idutse pamafunika ampulifaya ya HDMI 2.0a kapena yoposerapo yokhala ndi HDCP 2.2, dongosolo loteteza chithunzi kuti chisakopedwe, ndipo 4K ya mafelemu 120 pa sekondi imafuna HDMI 2.1 ndi chingwe cholembedwa `Ultra High Speed`.

Ngati ampulifaya singadutsitse chithunzi koma ili ndi eARC ndipo TV nayonso ili nayo, lumikizani konsolo ku TV, TV ku ampulifaya pa eARC. Simutaya kanthu pa mawu.

Ngati zonsezi palibe, mwatsala ndi njira zopapatiza. Konsolo yokhala ndi bowo la oputiko ili ndi mwayi: HDMI ipite ku TV kunyamula chithunzi, oputiko ichoke pa konsolo kupita ku ampulifaya mwachindunji. Ndimaikonda njirayi kuposa ARC wamba, chifukwa TV siigwira n'komwe mawu, ndiye palibe chowachedwetsa kapena kuwasandutsa sitiriyo. Konsolo yopanda bowolo iyenera kudutsa pa TV, ndipo iyi ndi njira yovuta kwambiri, choncho ndiyo tiiyende pang'onopang'ono.

Chachitatu: njira zosavutazo, mwachidule

Pa HDMI yolunjika ku ampulifaya kapena pa eARC, sankhani mawu osapanikizidwa. Pa PS5 pitani apa:

```
Settings > Sound > Audio Output
```

Pa `HDMI Device Type` ikani `AV Amplifier`, pa `Number of Channels` ikani `5.1 ch` kapena `7.1 ch` molingana ndi masipika amene muli nawo enieni, ndipo pa `Audio Format (Priority)` ikani `Linear PCM`. Pa Xbox, m'gawo la `Volume & audio output`, sankhani `5.1 uncompressed` kapena `7.1 uncompressed`. Amene ali ndi masipika a m'mwamba ndi ampulifaya ya Atmos angasankhe Dolby Atmos m'malo mwake. Musasankhe 7.1 pamene muli ndi masipika asanu poganiza kuti nambala yaikulu ndiyo yabwino. Uzani konsolo zoona.

Anthu ena amasankha Dolby apa chifukwa amafuna kuona dzinalo likuwala pa ampulifaya. Palibe phindu. Ampulifaya ikalemba `PCM` kapena `Multi Ch In` n'kuonetsa matchanelo onse, ndiye kuti ikulandira mawu abwino koposa amene konsolo ingapereke.

Pa PS4 yokhala ndi oputiko, pitani apa:

```
Settings > Sound and Screen > Audio Output Settings
```

Pa `Primary Output Port` sankhani `DIGITAL OUT (OPTICAL)`, chongani mitundu imene ampulifaya yanu imadziwa, ndiyeno pa `Audio Format (Priority)` sankhani `Bitstream (Dolby)` kapena `Bitstream (DTS)`. Mukasiya pa `Linear PCM` mulandira matchanelo awiri okha. Onani kuti lamulo latembenuka: pa HDMI yotakata PCM ndiyo yabwino, pa oputiko PCM ndiyo msampha.

Chachinayi: PS5, TV, ndi ampulifaya ya oputiko yokha

Tiyerekeze kuti muli ndi PS5, TV ya 4K yokhala ndi bowo la oputiko, ndi ampulifaya yakale ya 5.1 imene ilibe HDMI koma imamasula Dolby Digital ndi DTS. Ampulifaya zotere zambiri zikadali zamphamvu ndipo palibe chifukwa choziponyera kutali.

Thimitsani makina onse. Lumikizani PS5 ku bowo la HDMI la TV. Tengani chingwe cha oputiko ndipo muchotse tizisoti tapulasitiki timene timavala kunsonga zake zonse ziwiri. Tizisotiti timaoneka ngati mbali ya chingwe, makamaka tikakhala toonekera, ndipo munthu akaiwala kutichotsa chingwe chimalowa theka n'kumagwa chokha. Nsonga imalowa mbali imodzi yokha. Itembenuzeni mpaka mawonekedwe ake agwirizane ndi bowo, kenako kankhani mpaka mutamva kuti thapu. Musakakamize, chifukwa kachitseko ka m'bowo kamathyoka msanga. Lumikizani kaye mbali ya TV, yatsani TV, ndipo muloze nsonga inayo pa chikhatho chanu. Muyenera kuona kadontho kofiira. Ngati palibe, ndiye kuti chingwe chinathyoka m'kati kapena TV sinayatse bowolo. Mukakaona, lowetsani nsongayo mu `OPTICAL IN` ya ampulifaya. Poyendetsa chingwe kumbuyo kwa makina musachipinde mwamphamvu kapena kuchikanikiza ndi mwendo wa tebulo, popeza m'kati mwake muli ulusi wodutsitsa kuwala, ndipo ukapindika kwambiri mawu amayamba kudukaduka.

Tsopano ampulifaya. Mabowo a oputiko amakhala ndi manambala, monga `OPT 1` ndi `OPT 2`, ndipo lililonse limalumikizidwa ku batani lina la kutsogolo, monga `TV` kapena `DVD`. Dinani batani logwirizana ndi bowo limene mwalowetsa. Pa ampulifaya zambiri mungasinthe kulumikizana kumeneku m'menyu yake, ndipo palinso chosankha pakati pa `Analog` ndi `Digital` kapena `Auto`. Chikakhala pa `Analog` ampulifaya imangokhala chete ngakhale kuwala kukufika.

Kenako TV, ndipo apa ndi pamene 5.1 imafera nthawi zambiri. M'menyu ya mawu muli zinthu ziwiri zosiyana, ndipo pa ma TV ena zitatu. Choyamba ndi kumene mawu atulukire: sankhani oputiko m'malo mwa masipika a TV. Chachiwiri ndi mtundu wa mawu otuluka, chimene chimalembedwa ngati `Digital Audio Output` kapena `Digital Sound Output`. Mupeza `PCM`, `Auto`, ndipo pa ma TV ambiri `Pass Through`. Sankhani `Pass Through` ngati ilipo, chifukwa imauza TV kuti ingopereka mawu mmene yawalandirira. Ikasowa sankhani `Auto` kapena `Bitstream`. `PCM` apa ikutanthauza matchanelo awiri. Chachitatu, pa ma TV ena, ndi mtundu wa mawu olowa pa bowo lililonse la HDMI. Ngati chilipo, chiikeni pa `Bitstream` pa bowo limene PS5 yalowa.

Pomaliza PS5. M'gawo lomwe lija la `Audio Output`, ikani `HDMI Device Type` pa `AV Amplifier` ngakhale chingwe chikulowa mu TV, chifukwa chimene mukuuza konsolo ndi chakuti kumapeto kwa ulendo kuli masipika asanu ndi sabuwufa. Ikani `5.1 ch`. Ndiyeno pa `Audio Format (Priority)` sankhani Dolby, imene imalembedwa `Dolby Audio` kapena `Bitstream (Dolby)` malinga ndi pulogalamu imene konsolo yanu ili nayo. Yambani ndi Dolby, osati DTS. Ma TV ambiri salola DTS kudutsa, ndipo mukaisankha mumapeza chete kapena sitiriyo, pamene Dolby Digital imadziwika ndi pafupifupi TV iliyonse.

N'chifukwa chiyani zosankhazi zimakanika nthawi zina ngakhale mwachita zonse molondola? Makina a HDMI akalumikizana amayamba auzana zimene angathe. TV imatumiza ku konsolo mndandanda, wotchedwa EDID, wonena mitundu ya chithunzi ndi mawu imene imalandira. Chingwe cha oputiko chilibe zokambirana zotere. Chimangotumiza mbali imodzi, ndipo TV sidziwa chimene chili kumapeto kwake. Choncho TV ina imauza konsolo kuti imalandira matchanelo awiri okha, poganizira masipika ake, ndipo konsolo imamvera. Ma TV akale ena amatulutsa 5.1 pa oputiko kuchokera ku matchanelo a kanema ndi mapulogalamu a m'kati mwawo mokha, koma chilichonse cholowa pa HDMI amachisandutsa sitiriyo. Ngati yanu ndi yotero, palibe chosankha cha m'menyu chimene chingathandize. Pitani ku gawo la kabokosi m'munsimu.

Chachisanu: funsani ampulifaya, osati makutu okha

Yatsani gemu ndipo muyang'ane kasikirini kakutsogolo kwa ampulifaya. Pa rimoti pamakhala batani la `Info`, `Display` kapena `Status` loonetsa mtundu wa mawu amene akulowa. Mukufuna kuona `Dolby Digital` kapena `Dolby D`, pamodzi ndi `3/2.1` kapena `5.1`, kapena timabokosi sikisi towala: `L`, `C`, `R`, `SL`, `SR`, ndi `LFE` ya sabuwufa. Mukaona `PCM` ndi timabokosi tiwiri, `L` ndi `R`, ndiye kuti 5.1 yafera panjira.

Chonyenga kwambiri ndi mawu monga `Pro Logic II`, `Neo:6` kapena `All Ch Stereo`. Masipika onse amalira, chipinda chimadzaza, munthu n'kukhutira. Koma amenewa ndi machitidwe a ampulifaya ongoyerekeza kuchokera ku matchanelo awiri. Samalaninso ndi `Dolby Digital 2.0`: dzina ndi lomwelo koma matchanelo ndi awiri, ndipo zimachitika pamene TV yalandira sitiriyo n'kuikulunga yokha mu Dolby.

Kasikirini kakavomera, yesani ndi makutu. M'gemu imene mumayendetsa kamera, imani pafupi ndi chinthu cholira mosalekeza, monga moto, mathithi kapena jenereta. Chiyang'aneni: mawu achokere kutsogolo. Tembenukani pang'onopang'ono kumanja, ndipo mawuwo ayenera kusamukira ku sipika yakumanzere, kenako kumbuyo, kenako kumanja, n'kubwerera kutsogolo. Mukachipatsa msana, masipika akutsogolo ayenera kutsala pang'ono kukhala chete pa chinthucho. Ngati mawu akungosinthana kumanzere ndi kumanja ndipo akumbuyo akungong'ung'udza mofanana nthawi zonse, imeneyo ndi sitiriyo yomwazidwa. Musaiwale menyu ya gemuyo: magemu ambiri ali ndi chosankha chawo cha mawu, ndipo chikakhala pa mahedifoni kapena pa masipika a TV chimalepheretsa zonse zimene mwakonza.

Zikavuta, chizindikiro chimanena malo ake

Nyimbo ndi kulira kwa mfuti zikumveka koma anthu akulankhula osamveka, kapena akumveka chapansipansi ngati ali kutali. Chizindikiro ichi sichinama. Mawu a anthu amakhala mu tchanelo la pakati, ndipo lasowa. Nthawi zambiri chimene chachitika n'chakuti konsolo ikutumiza PCM ya 5.1 m'njira imene imanyamula matchanelo awiri, ndiye lamanzere ndi lamanja adutsa, anayi enawo atayidwa. Bwererani ku `Audio Format (Priority)` n'kuchoka pa `Linear PCM` kupita pa Dolby.

Phokoso lakuthwa lokhalokha, la tsss losalekeza, limatanthauza kuti mawu opanikizidwa afika pa makina osadziwa kuwamasula. Tsitsani voliyumu msanga chifukwa lingawononge timasipika tating'ono ta mawu okwera, kenako sinthani mtundu, kuchoka pa DTS kupita pa Dolby, kapena pa sitiriyo ngati ampulifaya ndi ya matchanelo awiri.

Mawu akamadukaduka pa oputiko, yang'anani nsonga ngati yalowa yonse, ngati ili ndi fumbi, ndiponso ngati chingwe chapindika. Zingwe zazitali kwambiri, zopitirira mamita asanu kufika khumi, zimafooketsa kuwala. Kachete kakafupi pamene mukuchoka pa menyu kulowa m'gemu si vuto. Ampulifaya imakhala ikuzindikira mtundu watsopano.

Tsopano kuchedwa. Mwadina batani, mfuti yawomba pa sikirini, kulira kwake n'kubwera pambuyo. Pa njira ya konsolo, TV, oputiko, kuchedwaku kumaunjikana: konsolo imapanikiza, TV imagwira mawuwo kanthawi isanawapereke, ampulifaya imamasula. Pa filimu sizivuta chifukwa chithunzi chingathe kudikira mawu. Pa gemu TV imakhala pa `Game Mode`, chithunzi chimathamanga, mawu n'kutsalira. Ndipo batani la `Lip Sync` kapena `Audio Delay` silingakupulumutseni, chifukwa ntchito yake ndi kuchedwetsa mawu amene afulumira. Silingafulumizitse amene achedwa. Choncho yambani mwaliika pa 0, pa TV ndi pa ampulifaya pomwe. Tsimikizani kuti TV ili pa `Pass Through`, popeza pa `Auto` ma TV ena amamasula mawu n'kuwapanikizanso. Ngati TV imalola DTS, iyeseni, chifukwa pa makina ena imachedwa mocheperapo. Kuti mudziwe ngati vuto ndi kupanikizaku, sinthani kwa kanthawi kupita pa PCM ya matchanelo awiri. Kuchedwa kukatha, mwapeza gwero lake, ndipo chotsala ndi kuchotsa TV pa njira ya mawu.

Pali vuto limodzi limene oputiko imapambana HDMI. Ngati masipika akung'ung'udza mosalekeza, phokoso la hmmm lochokera ku magetsi pamene makina alumikizana ndi zingwe zachitsulo, oputiko ingalithetse, chifukwa kuwala sikulumikiza magetsi a makina awiriwo. Mbali ina imaluza: oputiko sinyamula malamulo a rimoti. Pa HDMI, dongosolo la CEC limalola rimoti ya TV kukweza voliyumu ya ampulifaya, ndipo ARC imafuna kuti CEC ikhale yoyatsidwa. Samsung imaitcha Anynet+, LG imaitcha SimpLink, Sony imaitcha Bravia Sync. ARC ikakhala chete, yang'anani pamenepo poyamba.

Kabokosi kolekanitsa mawu, ndi msampha wa Switch

TV ikakana kudutsitsa 5.1, kapena ikamachedwetsa mawu mopitirira, pali kabokosi kolekanitsa mawu ndi chithunzi. Kamakhala ndi HDMI yolowa, HDMI yotuluka, ndi bowo la oputiko. Konsolo imalowa m'kabokosi, chithunzi chimapitirira ku TV, mawu amapatukira ku ampulifaya. Pambali pake pamakhala kaswichi kolembedwa `2CH`, `5.1CH` ndi `PASS` kapena `TV`. Kaswichika kamasintha mndandanda uja wa EDID, ndiye kaikeni pa `5.1CH` kuti konsolo iuzidwe kuti Dolby ndi DTS ndi zololedwa. Mukasintha, thimitsani konsolo n'kuiyatsanso kuti iwerengenso mndandandawo. Musanagule, werengani bwino zimene kamadutsitsa pa chithunzi, chifukwa nakonso kangatsitse 4K kapena kuchotsa HDR ndi mafelemu 120 monga ampulifaya yakale ija. Dziwaninso kuti timabokosi tambiri totere sitipanikiza mawu. Timangopatutsa zimene konsolo yatumiza, choncho konsolo iyenerabe kukhala pa Dolby kapena DTS.

Apa ndi pamene Nintendo Switch imakanirira. Switch imatulutsa mawu ozungulira ngati PCM ya 5.1 yokha, ndipo sidziwa kupanikiza kukhala Dolby kapena DTS. Ndiye kuti pa oputiko, pa ARC wamba, kapena pa kabokosi wamba, simudzapeza 5.1 yake, ndipo mukaikakamiza pa `Surround Sound` m'gawo la `TV Sound` mudzangotaya tchanelo la pakati ndi akumbuyo. Ma TV ena ochepa amatha kulandira PCM ya 5.1 n'kuipanikiza okha kukhala Dolby Digital, ndipo mungayese yanu poika pa `Auto` n'kuyang'ana kasikirini ka ampulifaya. Kupanda apo, Switch imafuna HDMI yolunjika ku ampulifaya kapena eARC. Mwayi wake ndi wakuti Switch yoyamba imatulutsa chithunzi cha 1080p basi, choncho ngakhale ampulifaya yakale ya HDMI imene inalephera PS5 imaikwanira. Ngati ampulifaya yanu ndi ya mtundu umenewo ndipo muli ndi makonsolo onse awiri, lowetsani Switch mu `HDMI IN` ya ampulifaya, PS5 ilowe mu TV mawu ake n'kubwerera pa ARC kapena oputiko ali pa Dolby, ndipo muzisintha gwero pa rimoti ya ampulifaya mukamachoka pa konsolo ina kupita pa inzake.